AMOLED kapena LCD: Yesani Sikirini Musanapereke Ndalama

Ogulitsa mafoni akafuna kukweza mtengo amakonda kunena kuti, "Bwana, iyi ndi ya AMOLED." Wogula amangogwedeza mutu, poti sikiriniyo ikuwaladi mokopa. Koma kuwala kwa mushopu sikukuuzani mmene foniyo idzachitire padzuwa la mwezi wa Okotobala, kapena usiku magetsi atathima inu mukuwerenga mauthenga mumdima. Pofuna kudziwa zimenezi, funso ndi limodzi: kodi kuwala kwa sikiriniyo kukuchokera kuti?

Sikirini iliyonse ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi tizigawo tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Pa LCD, timadonthoti sitiwala tokha. Kuseri kwake kuli nyali yoyera yomwe imayaka nthawi yonse imene sikirini ili yoyatsa, ndipo timadontho timangokhala ngati mazenera otseguka ndi kutsekeka kuti kuwala kudutse kapena kusadutse. Pa AMOLED kulibe nyali yakuseri. Kadontho kalikonse kamayaka pakokha, ndipo pofunika mtundu wakuda kamangozima. Zonse zimene anthu amakangana, kaya za mitundu, za batire kapena za maso, zimachokera pamenepa.

Mitundu ndiye yosavuta. Zenera la LCD ngakhale litatsekedwa limadontha kuwala pang'ono, choncho chakuda chimaoneka chotuwira, makamaka mumdima. Pa AMOLED chakuda ndi chakuda bii, ndipo mitundu ina imaonekera bwino pambali pake. Koma kufiira kopyola muyeso kumene mumaona mushopu nthawi zambiri n'kochita kutchera. Mafoni ambiri a Samsung a AMOLED amabwera ali pa Vivid. Mukapita ku Display, kenako Screen mode, n'kusankha Natural, mitundu imabwerera pafupi ndi zenizeni. Amene amagulitsa zitenje potumiza zithunzi pa WhatsApp azisamala pamenepa, chifukwa nsalu yooneka yofiira psuu pafoni yawo ikhoza kukaoneka yozilala pafoni ya kasitomala.

Za batire ndiye zimakokomezedwa kwambiri. Nyali ya LCD imadya moto wofanana kaya chithunzi n'choyera kapena chakuda. Chimene chimasintha kadyedweko ndi mlingo wa kuwala basi. AMOLED imadya malinga ndi chimene ikuonetsa: tsamba lakuda limadya pang'ono, tsamba loyera mbee limayatsa timadontho tonse. N'chifukwa chake anthu amati Dark mode imasunga batire. Ofufuza a pa yunivesite ya Purdue ku America anayeza zimenezi mu 2021 pa mafoni a mtundu umenewu. Anapeza kuti kuwala kukakhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti, monga ambiri timachitira m'nyumba, moto wosungidwa unali 3 mpaka 9 peresenti chabe. Kuwala kukafika pamapeto, unafika 39 mpaka 47 peresenti. Choncho Dark mode imathandiza kwenikweni munthu amene amakhala panja, sikirini ili yowalitsitsa. Pa LCD siisunga kanthu. Pamenepo chopulumutsa batire n'kutsitsa kuwala.

Padzuwa, dzina la sikirini silithandiza. Chofunika ndi mphamvu ya kuwala, yomwe pabokosi amailemba mu nits. Mafoni otsika mtengo a LCD ambiri amathera pa 400 kapena 500, ndipo masana mumachita kuphimba ndi dzanja kuti muwerenge nambala. Taonani mafoni awiri apachibale: Galaxy A14 ili ndi LCD, pomwe Galaxy A15 yomwe inabwera pambuyo pake ili ndi AMOLED yofika pa 800. Onse ali ndi batire ya 5000 mAh, koma padzuwa A15 imawerengeka mosavuta. Chenjerani ndi manambala akuluakulu, monga 2000 kapena kuposa, amene amalembedwa pa mafoni ena. Kawirikawiri amenewo ndi a kachigawo kakang'ono ka sikirini, kwa kanthawi kochepa. Komanso mafoni ambiri amatulutsa mphamvu yawo yonse pokhapokha kuwala kodzisintha kokha kuli koyatsa, ndipo foni ikatentha imadzitsitsa yokha.

Nkhani imene ogulitsa saitchula n'komwe, ndipo ine imandikhudza kuposa zonse, ndi ya maso. Ma AMOLED ambiri akamachepetsa kuwala sachepetsa moto wopita ku timadontho, koma amatiyatsa ndi kutizimitsa mofulumira kwambiri. Njirayi imatchedwa PWM. Pa mafoni ambiri kuphethiraku kumachitika maulendo 240 mpaka 480 pa sekondi, ndipo kuwala kukatsika, nthawi yozima imatalika. Diso silikuona kuphethirako, ndipo anthu ambiri sakumva chilichonse. Koma alipo ena amene amamva maso kulemera, mutu kuwawa, mwinanso chizungulire akawerenga kwa kanthawi usiku. Munthu wotere amaganiza kuti maso ake ndiwo ayamba kufooka, osadziwa kuti vuto linayamba tsiku limene anasintha foni. Makampani ena akweza liwiroli kufika pa 1920 kapena 2160 kuti vutoli lichepe. Ma LCD ambiri saphethira motere, ngakhale ena otsika mtengo amatero.

Kuyesa kwake n'kophweka. Tsegulani tsamba loyera, tsitsani kuwala mpaka pansi, ndipo lozetsani kamera ya foni ina pa sikiriniyo, makamaka kamerayo ili pa Slow motion. Mukaona mizere yakuda ikuyenderera, ndiye kuti sikiriniyo ikuphethira. Mizere ikakhala yaikulu ndi yakuda kwambiri, kuphethirako n'kwamphamvu. Mizereyi siikutanthauza kuti foni ndi yoonongeka. Ikungokuuzani kuti muwerenge pafoniyo kwa mphindi zingapo mumve mmene maso anu akuilandirira. Ngati mutu ukupitirira kuwawa ngakhale mwasiya foniyo, pitani kuchipatala akakupimeni maso.

Ambiri a ife timagula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye pali zinanso ziwiri zoyang'ana. Timadontho ta AMOLED timakalamba tikamayaka, tabuluu msanga kuposa tinzake, ndipo chinthu chimene chakhala pamalo amodzi kwa miyezi, monga kiyibodi kapena tizizindikiro tapamwamba, chimasiya chithunzithunzi chosafufutika. Tsegulani chithunzi chotuwa chodzaza sikirini yonse. Zipsera zotere zimaonekera pomwepo, ndipo sizikonzeka popanda kusintha sikirini. Chachiwiri, sikirini ya AMOLED ikasweka imadula kwambiri, moti okonza mafoni ena amaikamo LCD yotsika mtengo. Mudzaizindikira poona kuti chakuda chikuwala mumdima, batire ikutha msanga, ndipo ngati foniyo imawerenga chala kudzera pa sikirini, mbali imeneyi kawirikawiri imasiya kugwira ntchito.

Ngati mumagwira ntchito panja, mumaonera mafilimu, ndipo ndalama yosinthira sikirini ikasweka mungaipeze, AMOLED ndi yabwino kuposa inzake, palibe kukayika. Koma ngati maso anu amatopa msanga, mumawerenga kwambiri usiku, kapena foni yanu imagwagwa, LCD yabwino ikutumikirani mokwanira ndipo musalole wina akuuzeni kuti mwagula chotsalira. Pemphani wogulitsa kuti mutuluke nayo foniyo pakhomo muione padzuwa, muyese chithunzi chakuda, chotuwa ndi choyera. Akakana, kagulireni kwina.