Pa tebulo la madandaulo: funso limabwera mochedwa

Ogwira ntchito pa tebulo lothandizira makasitomala m'mashopu a makampani a foni, komwe ambiri amangoti "ku kasitomala keya", amadziwa kuti funso loyamba la munthu kawirikawiri silikhala lomwe wabwerera. Ndinaziona ndekha m'mawa wina ku Limbe ndili pamzere.

Patsogolo panga panali mnyamata wa zaka ngati 19, chipewa chili kumanja. Nthawi yake itakwana anapereka moni motsitsa mawu. "Mwadzuka bwanji, amayi?" Mayi wa pa tebulopo anayankha, nabweza moni, kenaka anangodikira. Mnyamata uja anafunsa mtengo wa bandulo ya sabata. Anamuuza. Anathokoza, koma sanachoke.

Apa ndi pomwe pamasiyana wophunzira ntchito ndi katswiri. Wophunzira akanaitana wotsatira, chifukwa mzere unali utafika pakhomo. Mayiyu anayang'ana foni yaing'ono ya mabatani yomwe mnyamatayo anaifumbata, nati, "Achimwene, foniyo ikugwira bwinobwino?"

"Ikugwira. Kungoti ikulemba zinazake."

"Tandionetsani."

Pa foniyo panali zilembo zitatu: PUK. Nkhani inayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime m'chilimwe. Mng'ono wake ankaseweretsa foni usiku, naikhoma, ndipo itayatsidwanso inayamba kufunsa PIN. Mnyamatayo analemba nambala yachinsinsi yomwe amatapira ndalama kwa ejenti. Inakana katatu.

Anthu ambiri amagwera pamenepa. Nambala zachinsinsi zilipo ziwiri, ndipo sizidziwana. Ina imakhoma simu khadi yeniyeniyo, ina imateteza ndalama za m'foni. Ya simu ikalakwitsidwa katatu motsatizana, simu imadzitseka n'kufuna PUK, nambala ya manambala 8 yomwe imasindikizidwa pa kapulasitiki kaja mumathyolamo simu pogula, kamene ambirife timataya tisanafike n'kunyumba komwe. PUK nayo ili ndi malire: ikalakwitsidwa ka 10, simu imafa osadzukanso. Mayi uja asanafotokoze china chilichonse anafunsa kuti, "Mwayesapo kangati?" Mnyamata anati ka 6. "Musaikhudzenso," anatero.

Kenaka anapempha chiphaso cha unzika. Atalemba nambala ya foniyo pa kompyuta, dzina lomwe linatuluka silinali la pachiphaso. Mnyamata anazyolika. Simuyo anagula m'chaka cha 2018, pomwe bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe. Iye anali asanakwane zaka 16 zolandirira chiphaso cha NRB, choncho malume ake anailembetsa m'dzina lawo. Ndiyeno funso lenileni linatuluka, mawu ali njenjenje: "Ndiye ndalama za feteleza za amayi anga zapita?" Ndi zomwe zinamusowetsa tulo. Bandulo ija inali yongogogodera pakhomo.

Mayiyo anamuuza kuti ndalama sizikhala mu kasimu kaja. Zimasungidwa pa akaunti ya nambalayo ku kampani, ndipo ngakhale simu itafa, atha kupereka ina ya nambala yomweyo ndalama zili momwemo. Mapewa a mnyamata uja anatsika.

Koma PUK sanamupatse, ngakhale akanatha kuiona pa kompyuta. Ena pamzere anang'ung'udza kuti ndi nkhanza. Ine sindikugwirizana nawo. Wakuba foni nayenso amabwera chipewa chili kumanja, ndi nkhani yomvetsa chisoni, mwinanso yoposa iyi. Amene walanda nambala ya munthu amakhala wayandikira ndalama zake, ndipo kalaliki wopereka PUK kapena simu yatsopano kwa yemwe si mwini dzina ndiye amakayankha mlandu. N'chifukwa chake ngakhale kwa mwini wake amafunsa mafunso otopetsa aja: manambala omwe mumaimbira kawirikawiri, mayunitsi omwe munaika komaliza, ndalama zomwe zatsala.

Ntchitoyi imafuna zinthu ziwiri zomwe sizikonda kukhala mwa munthu mmodzi: mtima wofatsa wodikira wamanyazi, ndi mtima wouma wokana wolira. Tsiku lonse kalaliki amalandira otumiza ndalama ku nambala yolakwika, otaya foni m'minibasi, ndi okwiyira netiweki ngati kalalikiyo ndiye amakwera pa nsanja kukaizimitsa.

Mayi uja anang'amba kapepala nalembapo njira ziwiri. Yoyamba, akafufuze kapulasitiki kaja kunyumba. Ikakanika, abwere ndi malume ake ndi chiphaso chawo, ndipo tsiku lomwelo apemphe kuti nambala isinthidwe kupita m'dzina lake, poti tsopano chiphaso ali nacho. Mnyamata anapinda kapepalako kanayi, nawomba m'manja pang'ono, nati malume ali ku Thyolo ndipo angathe kubwera Loweruka. Mayiyo anamuuza kuti afike m'mawa, mzere usanatalike.