Kukonza Zolakwa mu Pulogalamu ya Mwambo wa Cikumbutso: Malire a Malamulo a Kalembedwe

Mau Oyamba

Aphunzitsi a Cinyanja amapemphedwa kawirikawiri kuti aone pulogalamu ya mwambo wa cikumbutso ca malemu isanapite kukasindikizidwa. Acibale amabwera nayo madzulo, mwambo uli mawa lake, nati, "Inu odziwa cinenero, tioneleniko." Pepalalo ndi laling'ono, lopindidwa pakati, ndipo mau ake sapitirira mazana atatu. Koma likagawidwa silibwezeka, ndipo ena amalisunga m'Baibulo kwa zaka zambiri. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti pa pepala lotere malamulo a kalembedwe ali ndi malire, ndi kuti wokonza amene sazindikira malirewo amaononga zimene anazipeza zili bwino. Citsanzo cathu taciumba kucokera ku zolakwa zimene takumana nazo m'mapulogalamu angapo. Sicinena za banja lenileni.

Maina

Kalembedwe ka zinenero za m'Zambia kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamagwiritsa nchito c pa liwu lopanda mpweya, monga mu cikondi, ndi ch pa liwu la mpweya, monga mu nchito. Ku Malawi malamulo a 1973 anasankha ch ndi tch, motero kumeneko amalemba chikondi ndi ntchito. Pa mau wamba wokonza angosankha njira imodzi naitsata mpaka kumapeto. Vuto libadwa pamene mau wamba asanduka dzina la munthu. Taonani mizere iwiri iyi ya m'pulogalamu imodzi:

(1) Ndakatulo: Chisomo Chulu, mdzukulu wa malemu
(2) Kutseka: Cisomo ca Ambuye

Wophunzira wathu wina ataona mizereyi anati pali kusagwirizana, ndipo anasintha mzere woyamba kukhala Cisomo Culu. Kunena za kamvekedwe sanalakwe, pakuti m'maina awiriwa mulibe mpweya. Koma mtsikanayo dzina lake pa reji ndi pa mapepala a sukulu ndi Chisomo Chulu, ndipo mwini dzina ndiye, osati Unduna. Mizere yonse iwiri inali yolondola monga inaliri. N'cimodzimodzi ndi maina a malo: Chipata ndi Chadiza alembedwa ndi ch m'mabuku a boma ngakhale kuti lamulo likadafuna c. Amene amalamula kompyuta kuti isinthe ch aliyense nthawi imodzi ndiye amagwa msanga m'mbuna imeneyi.

Cimene wokonza ayenera kucita ndi kupempha kwa banja mndandanda wa maina wotengedwa pa mareji, nayerekeza dzina lililonse cilembo ndi cilembo. Pamenepo adzapeza kuti abale a mimba imodzi, wina alemba Njobvu wina Njovu, cifukwa analembetsa kwa makalaliki osiyana. Asawagwirizanitse. Cimene ayenera kusakasaka ndi dzina la munthu mmodzi lolembedwa mitundu iwiri, monga Nkhoma pa tsamba loyamba ndi Nkoma pa tsamba lacitatu. Cilembo ca h ndico cimatayika koposa, makamaka ngati wotaipa si mwini cinenero.

Maudindo

Pano cinenero cithandiza pang'ono cabe. M'citsanzo cathu malemu anali mkulu wa mpingo, koma pacikuto panalembedwa Abusa. Wotaipa anaganiza kuti awonjezera ulemu. M'mipingo monga wa Reformed, Abusa ndi munthu wodzozedwa, ndipo kupatsa malemu udindo umene sanakhale nao kumacititsa manyazi banja pamaso pa Abusa enieni amene atsogolera mwambowo. Ngati pabwera wansembe wa Katolika, iye ndi Bambo. Kwa mafumu tisamale koposa: nyakwawa isakwezedwe, ndipo nthumwi ya mfumu ilembedwe kuti ndi nthumwi.

Cimene cili m'manja mwa wokonza ndi a- waulemu. Kaya alemba a Phiri kapena aPhiri, atsate njira imodzi. Koma cacikulu n'cakuti asampatse wolankhula mmodzi nam'mana mnzace wa msinkhu womwewo. Anthu amawerenga kusowa kwa kacilembo kameneka ngati cipongwe cadala. Afunsenso mai wamasiye ngati afuna kulembedwa Mai Chulu kapena ndi mfunda wao, monga naBanda. Yankho lake silipezeka m'buku la galamala.

Masiku

Apa ndi pamene maso amanama, cifukwa nambala yolakwa imaoneka bwino monga yolondola. Nambala siiwerengedwa cabe, iyenera kuyesedwa. Pacikuto ca pulogalamu yathu panali izi:

(3) Anabadwa 14 Juni 1941, anamwalira 2 Febuluwale 2019, ali ndi zaka 78
(4) Mwambo wa cikumbutso: Loweruka, 2 Febuluwale 2020

Mu (3) wolemba anacotsa 1941 mu 2019 napeza 78. Koma malemu anamwalira mu Febuluwale, Juni asanafike, ndiye kuti anali ndi zaka 77. Kulakwa kumeneku ndi kofala kwambiri, ndipo kukalowa mu pulogalamu kumaonekeranso mu mbiri ya malemu yowerengedwa pamwambo.

Mzere wa (4) ndi woopsa koposa. Tsiku la 2 Febuluwale 2019 linali Loweruka ndithu. Wotaipa anatenga pulogalamu yakale ya maliro, nakopera mzere wa tsiku la imfa, nasintha caka cokha. Koma 2 Febuluwale 2020 linali Lamulungu; Loweruka linali pa 1. Tsono mwambo uli liti? Wokonza sangasankhe yekha pakati pa dzina la tsiku ndi nambala, pakuti zonse ziwiri n'zotheka. Ayenera kutsegula kalendala ya caka cimeneco, aonetse banja kusagwirizanako, ndipo iwo anene. Cizindikiro ca pulogalamu yokoperedwa ndi cimeneci, ndipo wokonza akacipeza akaikire pepala lonse. Ife tinapezapo pulogalamu yotere m'mene munatsala dzina la wolankhula amene iye mwini anali atamwalira kale.

Tinenepo pang'ono za malo obadwira. Munthu wobadwa mu 1941 m'tauni imene lero ndi Chipata anabadwira ku Fort Jameson, pakuti dzina linasintha pambuyo pa ufulu wa 1964. Banja likalemba dzina lakale, si kulakwa.

Ndondomeko ya zocitika

Pali mitundu iwiri ya zolakwa. Zina wokonza angazione ndi nzeru zake: kuika nkhata za maluwa sikungayambe mwala wa pamanda usanavundukulidwe, ndipo mau othokoza anthu sangatsogole ulaliki popanda cifukwa. Nambala ya nyimbo aiyerekeze ndi buku limene mpingo umenewo uimbira, cifukwa mabuku a nyimbo amasiyana manambala.

Zina ndi za mwambo, ndipo apa wokonza afunse m'malo mokonza. Ndani alankhula m'malo mwa banja, ndipo ndani aika nkhata pambuyo pa mai wamasiye ndi ana? Pakati pa Acewa, amene atsata mzere wa kucikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo akucikazi kwa malemu amayembekeza kutsogola. Pakati pa Angoni a Mpezeni mphamvu ili kucimuna. M'banja la m'tauni losakanikirana, mizere iwiri yosinthanitsidwa ingautse mkangano umene unagona kuyambira pa maliro. M'citsanzo cathu wotaipa anandandalika olankhula motsata alifabeti, poganiza kuti potero sakondera aliyense, ndipo malume anapezeka pansi pa mnzao wa kunchito wa malemu. Mndandandawo tinaubweza kwa akulu a banja ndi kwa Abusa, ndipo tinakana kuupereka kwa osindikiza mpaka mbali zonse ziwiri zitauona ndipo mmodzi wa iwo atasaina pa pepala lomaliza.