Dzina la Phunziro Ligwire Pamene Pakuwawa

Mayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe akaona pafoni uthenga woti "Maphunziro Oyambirira a Kasungidwe ka Mabuku a Zachuma", amangopitirira. Mawuwo amamveka ngati a anthu a mataye a m'maofesi, pomwe iwo buku lawo ndi kakope kothimbirira kamene amalembamo maina a angongole. Koma dzinalo litakhala loti "Geni Ikuyenda, Nanga Ndalama Zikupita Kuti?", akhoza kuima kaye, poti funso limeneli ndi lomwe limawasowetsa tulo.

Pansi pa dzina pamabwera mawu ofotokoza phunzirolo, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amataya anthu. Amalemba kuti "mudzadziwa kuyendetsa bwino bizinesi", mawu osagwirika. Ine ndimakhulupirira mphunzitsi amene waonetsa chitsanzo pomwepo.

Tinene kuti mayi aja apikula dengu la tomato pa K40,000, alipira galimoto K5,000, ndipo chiphaso chamsika ndi majumbo zadya K1,000. Zonse pamodzi ndi K46,000. Tomato yense watha pa K55,000, kutanthauza kuti phindu ndi K9,000. Koma pomasula kansalu kam'chiuno madzulo, apeza K45,000 yokha, yosakwanira n'komwe kukapikulanso mawa. Palibe wawabera. K6,000 ili kwa amene anatenga tomato pangongole, ndipo K4,000 anatapa okha masana kugulira ndiwo ndi makala akunyumba, osalemba paliponse. Umu ndi momwe mpamba umadyekera mwakachetechete, mwiniwake akuona ngati malonda akuyenda.

Choncho mawu ofotokozawo anene mosazungulira kuti: "Pomaliza mudzatha kulemba zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, kusunga tsamba la angongole, komanso kulemba padera ndalama zomwe mwatengera kunyumba." Aonjezere kuti ndalama zolandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zimalembedwa pazokha, chifukwa pochita kuzitapa pali kena kake komwe kamadulidwa, ndipo ambiri amaiwala kuti nakonso ndi kotuluka.

Popeza phunzirolo ndi la pa intaneti, wogulitsa akufunanso kudziwiratu ngati foni yake ingakwanitse. Kodi ndi mavidiyo omwe amamaliza bando msanga, kapena ndi mauthenga a mawu pa WhatsApp oti angamvere usiku ataweruka? Kodi aphunzitsa m'Chichewa? Masabata angati, ndalama zingati, ndipo kope ndi cholembera n'zokwanira? Zikapanda kulembedwa, munthu amalipira, n'kudzasiyira panjira sabata yachiwiri bando itamuthera.

Mphunzitsi woona mtima amanenanso malire ake, kuti phunziroli silifika pa nkhani za misonkho ya ku MRA. Koma mukaona lonjezo loti phindu lanu lidzachuluka kawiri pamwezi umodzi, gwirani ndalama zanu. Kulemba m'kope sikukweza mtengo wa tomato. Kumangokuonetsani kuti K6,000 ija ili kwa ndani, kuti mawa mukailondole.