Kutsekereza Mnzako pa Nine Men's Morris

Bolodi la Nine Men's Morris, masewero akale a ku Ulaya, lili ndi mabwalo atatu a ngodya zinayi komanso malo 24 oikapo miyala. Aliyense amayamba ndi miyala 9, ndipo ukandanda itatu pamzere umodzi umadya mwala wa mnzako. Ophunzira kumene amangothamangira kudyako, kuiwala kuti munthu amagonja m'njira ziwiri: akatsala ndi miyala iwiri, kapena akasowa kosunthira.

Tiyerekeze kuti mnzako wandanda miyala itatu m'mbali imodzi ya bwalo lakunja, ndipo wakudyera umodzi. Usatekeseke. Mwala wa pangodya uli ndi njira ziwiri zokha, wapakatiwo zitatu, ndipo zina mwa njirazo atsekerana okhaokha. Zatsala njira zitatu basi. Ukaikapo miyala yako, mzere wonsewo wauma. Sangautsegule n'kuutsekanso kuti adye kachiwiri. Pamenepo wako wa m'bwalo lapakati wakhala pamphambano ya njira zinayi, malo amene ine ndimawaona ngati amtengo wapatali kuposa mwala umodzi wodyedwa.

Nthawi yofunika kusamala kwambiri ndi pamene mnzako watsala ndi miyala inayi. Pa malamulo amene ambiri amatsata, wotsala ndi itatu amaloledwa kudumphira paliponse popanda mwala. Ukamudyera umodzi, ndiye kuti wamumasula. Yamba wawerenga njira zimene zamutsalira. Ngati ndi imodzi kapena ziwiri ndipo miyala yako ili pafupi, usiye mzerewo, upite ukatseke. Koma onetsetsa kuti uli ndi mwala wina woyendayenda, chifukwa suloledwa kudumphitsa nthawi yako, ndipo ungakakamizike kusuntha mlonda wako yemwe.