Git Ikakana Kuphatikiza Nkhokwe Ziwiri Zosachokera Kumodzi

Anthu ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta amakumana ndi uthenga uwu tsiku lomwe akufuna kutumiza ntchito yawo pa GitHub koyamba:

```
fatal: refusing to merge unrelated histories
```

Uthengawu umaoneka woopsa, koma palibe chawonongeka. Mafayilo anu ali bwinobwino. Git ikungonena kuti nkhokwe ziwiri zimene mukufuna kuphatikiza zilibe chiyambi chimodzi, ndipo siziphatikiza pokhapokha mutsimikize kuti n'zimene mukufunadi.

Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, imene Linus Torvalds anaiyambitsa mu 2005. Nthawi iliyonse mukalemba `git commit`, imasunga chithunzi cha mmene mafayilo onse alili panthawiyo, ndipo chithunzi chilichonse chimaloza chimene chinachitsogolera, ndiye kholo lake. Choyambirira chokha n'chimene chilibe kholo. Pophatikiza nthambi ziwiri, Git imabwerera m'mbuyo kufunafuna kholo limene onse awiri amagawana, kenako n'kuyerekeza zimene mbali iliyonse yasintha kuchokera pamenepo. Khololo likasowa, palibe poyezera. Kale Git inkangophatikiza mwakachetechete, koma kuyambira Git 2.9, imene inatuluka mu 2016, imayamba yakana, pofuna kuteteza anthu amene amalowetsa mbiri ya ntchito ina m'nkhokwe mwawo mosadziwa.

Tiyerekeze kuti mwalemba webusayiti yaing'ono ya shopu. Pa laputopu yanu munalemba `git init`, n'kusunga mafayilo awiri, `index.html` ndi `README.md`. Patapita masiku mwapita pa GitHub kukatsegula nkhokwe yatsopano, ndipo mwachonga kabokosi koti akuikireni fayilo ya README. Vuto layambira pa kabokosi kameneka. Mukangokachonga, GitHub imasunga chithunzi chake choyambirira, chopanda kholo, chosadziwana ndi cha pa laputopu paja. Tsopano pali mbiri ziwiri, iliyonse ndi muzu wake. Mukayesa `git push` imakana chifukwa kumeneko kuli zinthu zimene inu mulibe, ndipo mukayesa kuzikoka ndi kuziphatikiza, uthenga uja umatulukira.

Musanalembe lamulo lililonse lokonzera, yambani mwaona chimene chili mbali inayo. Ambiri amadumpha pamenepa, ndipo kwa ine ndi pamene pagona nkhani yonse.

```
git remote -v
git fetch origin
git log --oneline --graph --all
```

Lamulo loyambalo likusonyezani adiresi ya nkhokwe imene mwalumikizana nayo. Iwerengeni mofatsa, chifukwa ngati munakopera adiresi ya ntchito ina, Git yakupulumutsani pokana, ndipo chofunika ndi kukonza adiresiyo basi. Lachiwiri limabweretsa mbiri ya ku GitHub popanda kukhudza mafayilo anu. Lachitatu limajambula mbiri zonse ziwiri, ndipo pa webusayiti yathu ija muona mizere iwiri yosakumana: wanu, ndi wina wa chithunzi chimodzi chokha cholembedwa `Initial commit`. Mukafuna umboni wina, lembani `git merge-base main origin/main`. Lamulo limeneli limatchula kholo logawana, ndiye likapanda kutulutsa kalikonse, ndiye kuti khololo palibedi. Ngati nthambi ya pa laputopu ikutchedwa `master`, gwiritsani ntchito dzina limenelo kapena musinthe ndi `git branch -M main`, popeza GitHub inayamba kutchula nthambi yaikulu kuti `main` mu 2020.

Mukakhutira kuti mbali zonse ziwiri ndi zanu ndipo mukuzifuna, perekani chilolezo:

```
git merge origin/main --allow-unrelated-histories
```

Pakanakhala kuti mayina a mafayilo a mbali ziwirizi ndi osiyana, ntchito ikanathera pomwepa. Koma ife tili ndi `README.md` uku ndi uku, zolembedwa mosiyana, ndipo Git ilibe kholo loti ione kuti wasintha ndani. Choncho iyima n'kunena kuti:

```
CONFLICT (add/add): Merge conflict in README.md
```

Tsegulani fayiloyo. Mupeza mawu anu ali pakati pa mzere woyamba ndi `<<<<<<<` ndi mzere wa `=======`, ndipo a ku GitHub ali m'munsi mwake mpaka pa `>>>>>>>`. Sankhani zosunga, kapena tengani pang'ono uku ndi uku, kenako fufutani mizere itatu ya zizindikiroyo. Musaiwale kuifufuta, chifukwa Git siyang'ana ngati yatsalira. Idzangosunga fayiloyo ndi zizindikiro zake zomwe. Mukamaliza:

```
git add README.md
git commit
git push -u origin main
```

Chithunzi chatsopanochi chili ndi makolo awiri, ndipo kuyambira pano mbiri ziwiri zija zalumikizana. Chilolezo chija simudzachifunanso pa nkhokwe imeneyi. Ngati pakati pa ntchito mwaona kuti zasokonekera, musanasunge lembani `git merge --abort`, ndipo zinthu zibwerera mmene zinalili. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kuphatikiza mutasunga kale zonse zimene munasintha, moti `git status` isasonyeze chotsalira.

Ena amakonda kuchita zonsezi ndi `git pull`. N'zotheka, koma Git ya masiku ano ingakufunseni kuti musankhe njira yogwirizanitsira nthambi zosiyanazo, ndiye muyenera kuwonjezera `--no-rebase` pambali pa chilolezo chija. Ine ndimakonda kukoka kaye, kuona, kenako kuphatikiza, chifukwa munthu umadziwa chimene ukulowetsa.

Pali malangizo ena amene amafala kwambiri, oti ingolembani `git push --force` nkhani ithe. Zoona uthenga uja sutulukanso, koma nthambi ya ku GitHub imalowedwa m'malo ndi yanu, ndipo mbiri imene inali kumeneko imachoka. Ngati kunali README yongoikidwa ndi makina, mwataya zochepa. Koma ngati mnzanu anatumizako ntchito yake ya mwezi wathunthu, mwamuchotsera ntchitoyo pamalo amene nonse mumadalira, ndipo kuibweza kudzadalira ngati wina adakali nayo pa kompyuta yake.

Chilolezo chija nachonso si mankhwala a nthenda iliyonse. Uthenga womwewu umatha kutuluka ngakhale nkhokwe ziwirizo zilidi pachibale. Ngati munakopera nkhokwe ndi `git clone --depth 1`, muli ndi nsonga yokha ya mbiri, ndipo kholo logawana likhoza kukhala m'gawo limene simunatenge. `git fetch --unshallow` imabweretsa yotsalayo. Ngati wina anafufuta foda yobisika ya `.git` n'kulembanso `git init`, mbiri yakale inapita, ndipo kuphatikiza mokakamiza kudzabweretsa mkangano pa fayilo iliyonse imene yasiyana ndi inzake. Pamenepo njira yabwino ndi kukopera nkhokweyo mwatsopano ndi `git clone` mu foda ina, kuikamo mafayilo amene munasintha, n'kusunga monga mwa nthawi zonse.

Git ilibe poti mungatcherepo kuti chilolezochi chizigwira ntchito nthawi zonse, ndipo anakonza choncho dala, chifukwa kuphatikiza mbiri zosachokera kumodzi n'chinthu chochitika mwa apo ndi apo. Pa ntchito yotsatira, ngati mwayamba kale pa laputopu, tsegulani nkhokwe ya pa GitHub yopanda kanthu: musachonge README, musasankhe laisensi kapena `.gitignore`. Ngati mwayambira pa GitHub, ikopereni ndi `git clone` musanalembe fayilo yoyamba.