Pulogalamu Ikakana Kudzuka pa Kubernetes

Pa Kubernetes, makompyuta angapo amagwirira ntchito limodzi ngati gulu lotchedwa kilasita. Pulogalamu isanayambe, kompyuta imene yapatsidwa ntchitoyo imayamba yakatenga phukusi lake, lotchedwa imeji, kunkhokwe ya pa intaneti monga Docker Hub. Kutengako kukalephereka, pasikirini pamaoneka `ErrImagePull`, kenako `ImagePullBackOff`, kusonyeza kuti kompyuta ikudikira isanayesenso. Nthawi yodikirayo imanka nikula mpaka kufika mphindi 5.

Mawu awiriwa sanena chimene chavuta. Chifukwa chenicheni chimapezeka ndi lamulo ili, m'munsi pamene palembedwa `Events`:

```
kubectl describe pod malipiro-1
```

Mukaona `not found` kapena `manifest unknown`, nkhokwe yayankha koma ilibe chimene mwapempha. Imeji iliyonse imakhala ndi tagi, kachizindikiro kosiyanitsa yakale ndi yatsopano, ndipo kulemba `1.4` pamene kuli `v1.4` n'kokwanira kuimitsa zonse.

Mukaona `toomanyrequests`, mwapyola malire. Mu 2020 Docker Hub inakhazikitsa malire akuti wotenga osalowa ndi akaunti azitenga maulendo 100 okha pa maola 6, powerengera adilesi ya IP. Makompyuta a kilasita nthawi zambiri amatulukira pa adilesi imodzi, choncho onse amadyera mbale imodzi. Mankhwala ake ndi kulowa ndi akaunti, kapena kukhala ndi nkhokwe yanuyanu yosungira zimene mwatenga kale.

Uthenga wa `unauthorized` ndiwo umazunguza mitu, chifukwa vuto la chiphaso limatha kubisala nthawi yaitali. Tiyerekeze kuti pulogalamu ya malipiro ikuyenda bwino pa makompyuta atatu, ndipo imeji yake ili kunkhokwe ya Amazon ECR. Mwawonjezera kompyuta yachinayi, koma pamenepo pulogalamu ikukana kudzuka. Ambiri amathamangira kuloza chala kompyuta yatsopanoyo, chonsecho ilibe mlandu. Chiphaso cha ECR chimatha mphamvu pakapita maola 12, ndipo chimene munalowetsa pamanja tsiku loyamba chinafa kalekale. Makompyuta atatu aja sanadandaule chifukwa anali nayo kale imejiyo, ndipo lamulo la `IfNotPresent` limawalola kuigwiritsa ntchito osapitanso kunkhokwe. Yachinayiyo ndiyo inali yoyamba kupempha ndi chiphaso chakufa.

Kulowetsa chiphaso china kumathandiza lero lokha. Mawa vuto libweranso. Chokhalitsa ndi kupatsa makompyutawo chilolezo cha IAM kuti azidzitengera okha chiphaso chatsopano.

Ngati chiphaso chili chamoyo koma nkhokwe ikukanabe, onani kumene chasungidwa. Chiphaso chotchulidwa pa `imagePullSecrets` chiyenera kukhala mu `namespace` imodzi ndi pulogalamu imene ikuchifuna. Onaninso kalembedwe ka dzina la imeji, chifukwa Docker Hub imayankha kuti `pull access denied` ngakhale pamene dzinalo kulibe n'komwe.