Tebulo la Pazenera, Gawo 4: Buku Limodzi, Maola Awiri

Senderani kuno, inu amene mwakhala mukudandaula kuti Madalitso ndi Upile akukutherani mtima. Lero alankhulana. Koma chimera cha thobwa la chinkhoswe musayambe mwanyika.

Paja sabata yatha tinawasiya Upile atagwetsa bolopeni, Madalitso n'kutola, n'kuiika patebulo, maso ali kudenga. Zikomo wa Upile anathera kukhosi.

Ndiye Lachiwiri aphunzitsi a mbiri yakale anawagwetsera mtolo: aliyense alembe zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda, ndipo pofika Lachisanu ntchito ikhale itaperekedwa. Kalasi yonse inathamangira buku limodzi, *Independent African*, lija analemba George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958. Buku lotere silikhala pashelefu. Umapempha pakauntala, umasiya chiphaso chako, amakupatsa maola awiri, ndipo sutuluka nalo mulaibulale.

Analipeza ndani? Madalitso, amene anadzuka m'bandakucha ku Chikanda.

Upile anafika pakauntala mochedwa, n'kuuzidwa kuti buku lili m'manja. Anapita pampando wake wa masiku onse, patebulo lija la pazenera loyang'ana phiri la Zomba, n'kupeza bukulo lili gada patsogolo pa mnyamata wathu. Analiyang'ana, n'kuyang'ana pansi. Analiyang'ananso.

Madalitso thukuta kamukamu, chonsecho kunja kunali kachisanu. Kenaka, ndi zala ziwiri, anayamba kulikankha pang'onopang'ono mpaka linafika pakati pa tebulo. Upile anakoka mpando.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Anthu awiri angathe kukhala tebulo limodzi teremu yonse osayankhulana, koma sangawerenge buku limodzi ali duu, chifukwa tsamba likatha wina ayenera kufunsa.

"Mwamaliza?"

Ndi Upile ameneyo, monong'ona.

"Eya. Tsegulani."

Masamba angapo anadutsa ndi mawu omwewo. Kenaka diso la Madalitso linagwera m'kope la mnzake.

"Pepani achemwali, apa mwalemba 1914. Anaukira pa 23 Januwale 1915. Linali Loweruka."

"Nanga 1914 ndaitenga kuti?"

"Ndi chaka cha kalata ija analembera nyuzipepala ya *Nyasaland Times*, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu."

Upile anafufuta, n'kumwetulira. "Ine ndimati ndingolemba za thangata basi."

"Thangata yekha sakwana," anatero Madalitso, ataiwala kuti ndi wamanyazi. "Muikeponso za matchalitchi ake amene ankawotchedwa kuesiteti ya Magomero. Ine kwathu ndi ku Chiradzulu, kufupi ndi ku Mbombwe. Tchalitchi cha PIM ndakula ndikuchiona."

"Ndiye chifukwa chake! Ine ndimayesa simulankhula."

"Inenso ndimayesa inuyo..."

"Shhh!" anatero wina wa tebulo la kuseri. Onse awiri anabisa nkhope m'buku, mapewa akugwedezeka.

Maola awiri anatha ngati mandasi a pamaliro. Pobweza buku anapita limodzi, ndipo mukudziwa kuti pakoleji maso sagona. Pofika madzulo mbiri inali itamufika kale Yamikani, mnzake wa Madalitso wogona naye chipinda chimodzi.

"Aise, wayamba liti? Usamale. Mtsikana ameneyo Lachisanu lililonse imadzamutenga galimoto yoyera pageti. Ena akuti ndi amalume ake, ena akuti ndi bwana wa ku Liwonde amene anapereka kale mawu kwawo."

Ine sindikuti ndi zoona. Ndikungokuuzani zimene zinamveka.

Madalitso nsima inamukanika. Anatsegula chikwama kuti apitirize kulemba, ndipo m'kope mwake munagwa kapepala kopindidwa kanayi. Zilembo zake anazizindikira, zija zopendekera kumanzere.

Nthawi yomweyo magetsi anazima.

Foni inali itathima kale. Yamikani anafufuza machesi pansi pa bedi, n'kupeza kamtengo kamodzi. Kandulo itayaka, Madalitso anatambasula kapepala manja akunjenjemera.

"Achimwene, zikomo chifukwa cha buku. Tebulo lija sindinalisankhe mwangozi. Pali munthu amene anandituma kuti ndikupezeni, ndipo Lachisanu..."

Go! Go! Go!

"Odi muno! Kodi Madalitso wa ku Chiradzulu amakhala nyumba ino?"

Anali mawu a bambo wamkulu, achilendo. Yamikani anasuzumira pazenera, n'kubwerera msanga maso ali tong'o.

"Aise, panjapa paima galimoto yoyera. Ndipo kumpando wakumbuyo kuli munthu."

Ndani? Ayi, musandikoke malaya. Tionane sabata yamawa.